Timayankhula Mawu Angati pa Mphindi?

Ambirife tikaima kutsogolo kwa anthu timathamanga osadziwa. Womvera wa pa benchi yakumbuyo amangomva phokoso, ndipo zimene tinakonzekera sabata yonse zimapita pachabe. Choyamba n'kudziwa liwiro lathu.

Kuyeza kwake n'kosavuta. Titenge ndime ya mawu 200, tiiwerenge mokweza ngati pali anthu, uku tikudzijambula pa foni. Kenako tichulukitse chiwerengero cha mawuwo ndi 60, n'kugawa ndi masekondi amene tatenga. Ngati tamaliza m'masekondi 100, ndiye kuti 200 × 60 ÷ 100 = 120, mawu 120 pa mphindi. Tiyeze katatu, chifukwa ulendo woyamba timadzigwira dala.

Mabuku a Chingerezi amakonda kutchula mawu 130 mpaka 150 pa mphindi, koma muyezo umenewu tisautengere ku Chichewa. Mawu athu ndi aatali. "Ndikadzakuonaninso" ndi liwu limodzi la maphatikizo asanu ndi atatu, pamene m'Chingerezi angakhale mawu asanu. Wofuna kufika 150 m'Chichewa amameza maphatikizo.

Tiyerekeze kuti tapemphedwa kukayankhula kwa mphindi 10 mu holo yaikulu ku Mponela, m'boma la Dowa, ya malata ndi simenti pansi. Mawu amayenda mamita pafupifupi 340 pa sekondi, choncho akagunda khoma lomwe lili pa mamita 17 amabwerera patangotha gawo limodzi mwa magawo khumi a sekondi. Obwererawo amagwera pa phatikizo lotsatira n'kulisokoneza, ndipo kukweza chimkuzamawu kumangowonjezera vutolo. Apa titsike kuchoka pa 120 kufika cha pa 100, kuti ndime ija itenge masekondi 120. Masekondi 20 owonjezerawo tisawapeze pokoka mawu ngati tikuimba, koma popuma pa mpumiro uliwonse mpaka holo itakhala zii. Zikatero, mphindi 10 zimangokwana mawu 1,000, osati 1,200. Otsalawo tiwadule tisanachoke kunyumba.

Pa Zoom kapena WhatsApp vuto ndi lina. Mnzathu amene akumvera ali kumapiri a Ntchisi, kumene netiweki imatha kubwera n'kupita, samva mawu obwerera, koma amataya zidutswa. Pa liwiro la 120, sekondi imodzi ikaduka amataya mawu awiri, ndipo mwina mawuwo ndi tsiku la mayeso. Choncho tifupikitse ziganizo, manambala ndi mayina tiwatchule kawiri, ndipo tikafunsa funso tidikire masekondi atatu, popeza mawu amafika mochedwa.

Tidziwa bwanji kuti liwiro lakwana? Tiike mnzathu kumbuyo kwenikweni kwa holo, kapena timuimbire foni, alembe mfundo zitatu zimene wamva. Akaphonya imodzi, tiwonjezere kupuma n'kuyezanso.