Kulemba malamulo a tchuthi cha matenda kuti mlonda ndi wosesa awamve

Malo ambiri a ntchito m'mbali mwa msewu wa Great East, kuyambira ku Nyimba mpaka ku Petauke, ali ndi buku la malamulo a pantchito. Nyumba zogona alendo zili nalo, masukulu ali nalo, malo othirira mafuta ndi madepoti ogula thonje nawonso ali nalo. Koma limakhala m'Chingerezi cha maloya, ndipo mlonda, wophika kapena wosesa amene sukulu anailekeza giredi 5 amangosaina osadziwa zimene wavomera. Lamulo la ntchito la Zambia, Employment Code Act nambala 3 ya 2019, pa gawo 95 limauza olemba ntchito kuti akhale ndi malamulo otere, komanso kuti awadziwitse kwa wantchito aliyense. Kupatsa munthu pepala limene sangathe kulimva, ine sindikuyesa kumudziwitsa. Kabuku kano ndi ka inu akalaliki, akapitawo ndi atsogoleri a antchito amene mwapatsidwa ntchito yolembanso malamulowo m'mawu apafupi. Titenga nkhani imodzi yokha, ya tchuthi cha matenda, yomwe ili pa gawo 38.

Musanalembe kalikonse, werengani ndime ya Chingereziyo muli ndi pensulo m'manja. Lembani mzere kunsi kwa nambala iliyonse ndi kunsi kwa chilichonse chimene wantchito ayenera kuchita kuti alandire ufuluwo. Zimenezi siziyenera kutayika, chifukwa ndi zomwe zimasanduka ndalama pakutha pa mwezi. Pa gawo 38 mupeza izi. Wodwala abweretse kalata ya dokotala. Amene ali pa kontrakiti yaifupi, yosapitirira miyezi 12, amalandira malipiro onse masiku 26 ogwira ntchito, kenako theka masiku ena 26. Amene ali pa kontrakiti yaitali amalandira malipiro onse miyezi itatu, kenako theka miyezi ina itatu.

Tsono lembani ngati mukulankhula ndi munthuyo pamaso. M'malo monena kuti "wogwira ntchito adzapatsidwa", nenani kuti "mudzalandira". Chiganizo chilichonse chinyamule mfundo imodzi, ndipo chionetse amene akuchita chinthucho. Tsamba la ophika ndi alonda a makontrakiti aafupi lingamveke motere:

"Mukadwala, pitani kuchipatala. Pemphani kalata ya dokotala. Perekani kalatayo kwa akapitawo anu. Kampani idzakulipirani malipiro onse kwa masiku 26 a ntchito. Mukapanda kuchira, idzakulipirani theka kwa masiku ena 26 a ntchito. Tsiku lanu lopuma siliwerengedwa."

Chiganizo chomalizacho m'lamulo mulibe momwe chalembedwera apa, koma ndicho tanthauzo la masiku a ntchito, ndipo ndi pamene ofupikitsa ambiri amalakwitsa. Wina pofuna kuchepetsa mawu amalemba kuti "mwezi umodzi". Kwa wogwira masiku asanu ndi limodzi pamlungu, masiku 26 ndi milungu inayi ndi masiku awiri, pafupifupi mwezi ndithu. Koma kwa wogwira Lolemba mpaka Lachisanu, ndi milungu isanu ndi tsiku limodzi. Mukamulembera "mwezi umodzi", mwamulanda pafupifupi mlungu wathunthu wa malipiro onse, ndipo iye sadzadziwa n'komwe. Chiganizo chachifupi chimene chasintha nambala n'choipa kuposa ndime yaitali imene inali yolondola.

N'chifukwa chakenso ndimakonda masamba awiri osiyana, lina la makontrakiti aafupi, lina la aatali. Mukaika zonse pa tsamba limodzi, wowerenga movutikira amagwira nambala yoyamba imene waiona n'kuisunga ngati yake. Pamwamba pa tsamba lembani kuti, "Tsamba ili ndi lanu ngati kontrakiti yanu ndi ya miyezi 12 kapena yocheperapo." Ngati antchito anu ndi a m'sitolo kapena a m'nyumba, onaninso malamulo apadera amene Nduna ya za Ntchito imatulutsa okhudza magulu amenewa, kuti muike nambala zoyenera iwowo.

Mbali yovuta ndi ya munthu amene sakuchira. Lamulo likuti pakatha miyezi isanu ndi umodzi chidwalireni, wolemba ntchito angathe kumupumitsa pa chifukwa cha matenda, dokotala akalangiza choncho. Samalani ndi mawu awiri apa. "Angathe" si "ayenera", ndipo uphungu wa dokotala si chokometsera chiganizo. Mukalemba kuti "mukadwala miyezi isanu ndi umodzi ntchito yatha", mwanama kawiri, ndipo mayi wosesa amene akumwa mankhwala a chifuwa chachikulu adzabwerera ku ntchito asanachire poopa tsikulo. Lembani kuti: "Mukatha miyezi isanu ndi umodzi osachira, kampani ingathe kukupumitsani. Singachite zimenezi popanda uphungu wa dokotala. Ikakupumitsani, iyenera kukulipirani."

Ndalamazo zili m'lamulo momwemo: zosachepera malipiro oyambira a miyezi itatu pa chaka chilichonse chimene munthu wakwanitsa pa ntchito. Chiganizo chimenechi n'cholemera ngakhale kwa wophunzira, choncho chimafuna chitsanzo cha makwacha. Tinene kuti mlonda amalandira K2,000 pamwezi, osawerengera maalawansi, ndipo wagwira zaka zinayi zathunthu. Miyezi itatu ndi K6,000. Zaka zinayi zikupereka K24,000. Ikani masamu amenewa pa tsambapo, mzere uliwonse sitepe imodzi, ndipo nenani poyera kuti ndi chitsanzo chabe, aliyense aikepo malipiro ake ndi zaka zake.

Za chilankhulo: kuno pakhomo anthu ambiri amalankhula Chinsenga, pamene kusukulu kuwerenga anaphunzirira m'Chinyanja. Lembani m'Chinyanja chopepuka, ndi kalembedwe kamene anazolowera m'mabuku a sukulu za ku Zambia, koma powerengera anthu mokweza fotokozani m'Chinsenga pamene pakufunika. Ngati pamalo panu aliyense amati "livi", lembani "livi". Zilembo zikhale zazikulu, mizere italikirane.

Musapachike tsambalo musanaliyese. Itanani antchito atatu kapena anayi, makamaka amene kuwerenga kumawavuta, bwana asakhalepo. Musafunse kuti "Mwamva?" chifukwa mwaulemu aliyense adzati inde. Apatseni nkhani: "Amayi, tinene kuti mwagonekedwa kuchipatala cha Kalindawalo milungu iwiri. Kuntchito mubweretsa chiyani? Mulandira zingati?" Wina mufunseni za kudwala kopitirira masiku 26. Akayankha mosiyana, kapena akakhala chete n'kuyang'ana pansi, vuto lili m'chiganizo chanu. Chikonzeni, mukayesenso kwa anthu ena amene sanachimvepo. Kawirikawiri mafunso awo amaulula zimene buku lalikulu silinanene: kalata iperekedwe kwa ndani akapitawo akachoka, nanga mwana kapena mkazi angaibweretse ngati wodwala ali gone? Mafunso otere atengereni kwa oyang'anira kampani, avomereze yankho, kenako mulilembe. Musapeke nokha.

Pomaliza ikani tsamba lanu pambali pa ndime ya Chingerezi ija, muone ngati nambala iliyonse imene munaiikira mzere yafika. Pansi lembani tsiku, gawo la lamulo, ndi udindo wa munthu woti afunsidwe. Onjezani kuti malamulo a kampani angapereke zoposa zimene lamulo la dziko likunena koma sangachepetse, ndipo amene akuona kuti wamanidwa ali ndi ufulu wokadandaula ku ofesi ya Leba atatenga kontrakiti yake, mapepala a malipiro ndi kope la kalata ya dokotala. Aliyense apatsidwe tsamba lakelake lopita nalo kunyumba, ndipo wosadziwa kuwerenga awerengeredwe lonse asanasaine kapena kudinda chala.