Kachipangizo kothandiza kumva: kuvala ndi kuzolowera

"Ndikumva kuti mukuyankhula, koma mawu sindikuwagwira." Awa ndi madandaulo a agogo ambiri. Munthu akamakula, mbali ya mkati mwenimweni mwa khutu imafooka. Mawu oonda, monga a ana ndi malembo ngati s ndi f, ndiwo amayamba kusowa. Kukuwa sikuthandiza, kumangosokoneza mawuwo.

Kachipangizo kothandiza kumva kamatola mawu, n'kuwakweza, kenako n'kuwalowetsa m'khutu. Kamayendera batire. Kofala kuno kwathu ndi kokoleka kuseri kwa khutu. Kali ndi kapaipi kopita ku kapulasitiki kamene kamakhala pakhomo pa khutu. Ndi kamphamvu, ndipo zala zokalamba zimakagwira mosavuta. Kaliponso kolowa konse m'khutu. Kameneka sikaonekera, koma kamatsekeka msanga ndi phula ndipo batire lake ndi laling'ono kwambiri. Mtundu wina ndi wa kabokosi koika m'thumba, kokhala ndi chingwe. Kwa agogo akumudzi, kokoleka kuseri ndiko kabwino.

Tiyerekeze agogo aakazi a ku Nzama amene asiya kumva ulaliki m'tchalitchi. Choyamba apite kuchipatala cha pafupi kapena cha boma ku Ntcheu, akawaone m'khutu. Mwina ndi phula chabe, kapena mafinya ofuna mankhwala. Khutu lotuluka mafinya salitseka ndi kachipangizo mpaka litauma. Ngati m'khutu muli bwino, akayezetse kamvedwe. Ntchitoyi imachitika ku ABC Hearing Clinic ku Lilongwe ndi ku chipatala cha Queen Elizabeth ku Blantyre.

Poyeza, amawaveka zomvera kumakutu n'kuliza timawu tosiyanasiyana, khutu lililonse palokha. Agogo akamva amakweza dzanja. Zotsatira zake ndizo amatchunira kachipangizo, n'chifukwa chake kobwereka kwa mnzako sikagwira bwino. Amathiranso phala lofewa m'khutu kuti atenge maonekedwe ake, n'kuumbira kapulasitiki kaja. Chizindikiro chofiira ndi cha khutu lamanja, chabuluu ndi cha lamanzere.

Tsopano agogo afika kunyumba, ndipo apa ndi pamene ambiri amagwa ulesi. Tambala akulira mobaya m'mutu. Mbale zikugundana, mphepo ikuwomba, ngakhale mapazi awo omwe akusokosa. Mawu awo akumveka ngati akuyankhulira mumtsuko. Sikuti kachipangizo kawonongeka ayi. Ubongo unaiwala mapokoso amenewa, ndipo umafuna masabata angapo, nthawi zina miyezi, kuti uphunzirenso kusankha mawu ofunika.

Choncho ayambe ndi maola ochepa patsiku, pakhonde, akucheza ndi munthu mmodzi. Aziwonjezera nthawi tsiku ndi tsiku mpaka azivala tsiku lonse. Kutchalitchi akhale kutsogolo. Kumsika ndi pamaliro, pamene anthu amayankhula ambirimbiri, kumva kudzavutabe ndithu, pakuti kachipangizo sikabwezera makutu a paubwana. Kukasunga m'sutikesi kuti kazivalidwa Lamulungu lokha ndiko kulakwa kwakukulu, chifukwa ubongo suzolowera.

Apabanja nawonso ali ndi mbali yawo. Mdzukulu asaitane ali kuseri kwa nyumba. Abwere pafupi, ayang'anane nawo, anene pang'onopang'ono kuti, "Agogo, nsima yapsa."

Kachipangizo kakamaimba likhweru, ndiye kuti mawu akuthawa m'khutu n'kubwereranso momwe analowera. Kawirikawiri kapulasitiki sikanalowe bwino. Katulutseni, mukalowetsenso. Likhweru likapitirira, onani ngati kapaipi kang'ambika, kapena kapimitseni phula. Kakangoti zii, yambani mwasintha batire, kenako onani ngati kabowo katsekeka ndi phula kapena m'kapaipi muli dontho la madzi. Kapulasitiki kakamatupitsa khutu, musakapale ndi mpeni. Kavuleni, mubwerere nako kuchipatala. Ulendo wachiwiriwu ndi wofunika ngakhale palibe chilonda, chifukwa ndi pamene amatsitsa kapena kukweza mawu malinga ndi zimene agogo aona.

Mabatire ake si a wotchi. Ali ndi manambala: 13 ali ndi kapepala kaolenji, 675 kabuluu. Mukamatula kapepalako, mpweya umalowa ndipo batire limayamba kutha, ngakhale musaligwiritse ntchito. Dikirani mphindi imodzi musanaliike. Limatha pakapita sabata limodzi kapena awiri, ndiye potenga kachipangizo funsiranitu komwe muzikagula ena. Usiku tsegulani kachitseko ka batire, pukutani ndi kansalu kouma, ndipo sungani m'kabotolo kotseka, kutali ndi moto. Posamba ndi pamvula, vulani. Mabatire abiseni, chifukwa mwana akameza limodzi ayenera kuthamangira naye kuchipatala nthawi yomweyo.

Tikambirane: Agogo akuti kachipangizo kawo kakuimba likhweru. Muyamba kuona chiyani? Nanga akati phokoso lawatopetsa, muwalangiza bwanji?