Kugawana Phindu Kapena Kulisunga: Mmene Kampani Imaganizira

Chaka cha malonda chikatha, akuluakulu oyendetsa kampani amakhala pansi kuti aone chochita ndi phindu. Gawo lina limapita kwa eni masheya, ndipo limatchedwa dividendi. Lotsalalo limasungidwa kuti likuze bizinesi. Nkhani ino ikuonetsa kuti phindu lolembedwa m'mabuku silonse limene lingagawidwe.

Tiyerekeze kuti anthu asanu a ku Matope, m'boma la Neno, ali ndi kampani ya chigayo yokhala ndi masheya 1,000. Atalipira antchito, magetsi ndi msonkho, apeza phindu la K10 miliyoni. Wina angaganize kuti sheya iliyonse ilandira K10,000, koma sizili choncho.

Choyamba, phindu si ndalama ya m'manja. Ngati ufa wa K3 miliyoni unatengedwa pangongole ndipo ogulawo sanalipire, m'mabuku ndi phindu ndithu, koma kubanki kuli K7 miliyoni yokha. Kampani imene imakongola ndalama kuti igawe dividendi ili ngati mlimi wophika mbewu yodzala. Nchifukwa chake lamulo la makampani la 2013 salola kugawa phindu ngati kuteroko kungalepheretse kampani kubweza ngongole zake.

Chachiwiri, ndalama yosungidwa iyenera kubala. Tinene kuti makina okonola chimanga a K4 miliyoni angabweretse K1.2 miliyoni pachaka, kutanthauza K30 pa K100 iliyonse. Akuluakulu ayerekeze phinduli ndi limene mwini sheya angapeze atasungitsa yekha ndalamayo kubanki. Ngati makinawo akupambana, agulidwe. Ngati ayi, ndalamayo iperekedwe kwa eni ake, chifukwa ikangokhala imatha mphamvu, monga zinachitikira mu Novembala 2023 pamene kwacha inatsitsidwa ndi 44 peresenti. Makina akagulidwa, patsala K3 miliyoni, ndiye kuti K3,000 pa sheya, boma lisanadulepo msonkho.

Chachitatu, eni masheya amadana ndi dividendi yotsika. Choncho m'chaka cha zokolola zambiri kampani yanzeru sigawa zonse, kuti chaka cha chilala, pamene ogayitsa amachepa, idzakhale ndi chopereka.

Makampani akuluakulu amateronso. Kampani ya shuga ya Illovo, imene imathirira mizimbe ku Nchalo ndi madzi a Shire yemweyu wodutsa pa Matope, inakhala zaka zingapo osagawa dividendi pamene inali ndi ngongole zambiri, ndipo kenako inayambiranso.

Pomaliza, mwini sheya asamangodandaula kuti walandira zochepa. Afunse kumene phindu losungidwa lapita. Ngati zaka zitatu zadutsa, dividendi palibe, ngongole sizikutsika ndipo phindu silikukwera, ndiye kuti ndalamayo ikulowa m'thumba lobooka.