Kukonza Mayina a Magawo Musanatole Deta pa Mafomu a Nsomba ku Mangochi

M'madoko a kumwera kwa nyanja ya Malawi ndi ku nyanja ya Malombe, alembi a Dipatimenti ya Zausodzi akhala akulemba kwa zaka zambiri nsomba zimene asodzi afika nazo pamtunda, ndipo fomu yamtunduwu imasonyeza tsiku, doko, chida chophera, chiwerengero cha alovi ndi kuchuluka kwa mtundu uliwonse wa nsomba. Mafomu otere akajambulidwa ndi sikana amasanduka zithunzi chabe, kotero kuti zolembedwamo ziyenera kutoledwa ndi kuikidwa m'matebulo a pakompyuta, kaya ndi anthu otaipa kaya ndi pulogalamu yowerenga malemba a pa chithunzi. Ntchito imeneyi isanayambe pamafunika dongosolo la magawo, limene akatswiri a deta amalitcha sikima, ndiko kunena mndandanda wonena kuti deta idzakhala m'matebulo angati, gawo lililonse lidzatchedwa chiyani, ndi zimene zikuloledwa kulowamo. Gawo ndi malo a chinthu chimodzi m'tebulo, monga tsiku kapena doko, pamene mzere ndi nkhani imodzi yathunthu yodutsa m'magawo onsewo.

Chinthu choyamba ndi kuona mafomu enieni, osati oyambirira pamulu okha ayi, koma osankhidwa dala kuchokera m'madoko ndi m'zaka zosiyanasiyana. Mafomu 30 kapena 40 otengedwa ku Msaka, ku Malembo, ku Makanjira ndi ku Malombe amaulula msanga kuti mapepala ooneka ofanana amasiyana m'kati mwake. Ena ali ndi danga limene linawonjezedwa pambuyo pake, ena mlembi analemba nsomba yopanda danga lake m'mphepete mwa pepala, ndipo ena anajambulidwa mbali imodzi pamene kuseri kunali zolembedwa. Mtundu uliwonse wa fomu upatsidwe chizindikiro chake, ndipo chizindikirocho chikhale ndi gawo lake m'tebulo, chifukwa danga losowa pa fomu yakale silitanthauza kuti mlembi anaiwala kulidzaza.

Funso lalikulu koposa onse, limene ambiri amalidumpha pothamangira kutaipa, ndi lakuti mzere umodzi ukuimira chiyani. Ku Mangochi funsoli lili ndi mbiri yake. Kalembera wakale wa nsomba m'Malawi, amene anayamba m'zaka za m'ma 1970, ankawerenga potengera bwato kapena boti, koma kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1990, pa nthawi ya kafukufuku wa chambo amene bungwe la FAO linathandizira, m'bomali munayamba njira yowerenga potengera chida chophera. Chifukwa chake nchoonekeratu kwa aliyense amene anaimapo padoko m'mamawa: chilimira chimodzi chimagwiritsa ntchito boti ndi mabwato pamodzi, nkacha nayo imakokedwa ndi maboti awiri, ndipo munthu akawerenga bwato lililonse ngati msodzi payekha, nsomba za khoka limodzi zimagawanika kapena kuwerengedwa kawiri. Motero wokonza dongosolo ayenera kulemba m'chiganizo chimodzi chomveka kuti mzere ukuimira ulendo umodzi wa chida chimodzi pa tsiku limodzi, ndipo mafomu owerengera mabwato asasakanizidwe ndi owerengera zida popanda gawo lowasiyanitsa.

Yankho la funsoli likapezeka, zimaoneka kuti fomu imodzi ili ndi zinthu za misinkhu itatu, ndipo msinkhu uliwonse ufunika tebulo lake. Pamwamba pa pepala pali zokhudza fomu yonse, m'kati muli maulendo a zida zosiyanasiyana, ndipo ulendo uliwonse uli ndi mitundu ingapo ya nsomba.

```
fomu:    fomu_id, fomu_mtundu, sikani_failo, sikani_tsamba, doko_kodi, tsiku
ulendo:  ulendo_id, fomu_id, chida_kodi, alovi_nambala
nsomba:  ulendo_id, nsomba_lemba, nsomba_kodi, kuchuluka_lemba,
         muyeso, kulemera_kg, mkhalidwe
```

Chiyeso chimene chimakopa anthu ambiri ndi kutsanzira maonekedwe a pepala, kupanga gawo la chambo, la usipa, la utaka, la kambuzi, mpaka mitundu yonse itatha. Njira imeneyi imayenda bwino mpaka tsiku limene papezeke fomu yokhala ndi mpasa kapena bombe wolembedwa m'mphepete, ndipo pamenepo otaipa amayamba kuwonjezera magawo aliyense mwa nzeru zake, mafailo awo osagwirizananso. Mtundu wa nsomba ukakhala chinthu cholembedwa m'gawo limodzi la `nsomba_kodi`, nsomba yatsopano imangofuna mzere watsopano, dongosolo osasintha. Magawo a `fomu_id` ndi `ulendo_id` ndiwo amalumikiza matebulo atatuwa, ndipo `sikani_failo` pamodzi ndi `sikani_tsamba` amathandiza kuti nambala yokayikitsa ikaonedwenso pa chithunzi chake m'mphindi zochepa.

Malamulo a mayina ndi ochepa. Dzina lilembedwe m'zilembo zazing'ono, lopanda mpata, mawu olumikizidwa ndi kamzere ka pansi, lopandanso apositirofe kapena chilembo cha ŵ, popeza mapulogalamu ena amazisokoneza posamutsa mafailo. Mayina angakhale a Chichewa kapena a Chingerezi, chachikulu nchakuti chilankhulo chikhale chimodzi ndipo chinthu chimodzi chikhale ndi dzina limodzi m'matebulo onse, osati `tsiku` pano ndi `date` kwina. Muyeso ulowe m'dzina momwemo, monga `kulemera_kg`, kuti wina asadzaikemo ndowa. Mayina onga `danga7` apewedwe, pakuti fomu ikasintha, danga lachisanu ndi chiwiri limakhala chinthu china.

Pamene pafunika kufatsa kwenikweni ndi pa kusiyanitsa zimene zalembedwa papepala ndi tanthauzo limene wotola deta wazipatsa. Alembi amalemba monga anthu a padoko amanenera, ndipo m'boma limene Chiyao ndi Chichewa zimalankhulidwa pamodzi, nsomba kapena chida chimodzi chimatuluka ndi kalembedwe kosiyanasiyana: mcheni ndi ncheni, chilimira ndi chilimila. Palinso mayina amene kuwaphatikiza ndi chiganizo chofunika katswiri, monga kasawala, amene ndi chambo chaching'ono, koma amene wofufuza za kuphedwa kwa nsomba zosakhwima angafune kumuona payekha. Nchifukwa chake dongosolo lili pamwambali lili ndi magawo awiriawiri: `nsomba_lemba` amasunga mawu monga alili papepala, ngakhale atakhala olakwika, ndipo `nsomba_kodi` amalandira chizindikiro chochokera pa mndandanda umodzi wovomerezeka. Otaipa asaloledwe kupanga zizindikiro zatsopano, koma dzina losadziwika lipite kwa munthu mmodzi wosunga mndandandawo.

Chitsanzo chongoyerekeza chingaonetse mmene zimenezi zimayendera. Fomu ya ku Msaka ili ndi tsiku lolembedwa 03/04/19, ndipo pa ulendo wa chilimira cha alovi 9 mlembi analemba kuti usipa ndi ndowa 6, utaka ndi 14, pa mcheni anajambula kamzere, pa chambo sanalembe kanthu, ndipo pa kambuzi pali nambala yofufutika ndi madzi.

```
nsomba_kodi,kuchuluka_lemba,muyeso,kulemera_kg,mkhalidwe
USIPA,6,ndowa,,zalembedwa
UTAKA,14,kg,14,zalembedwa
MCHENI,-,,0,ziro
CHAMBO,,,,palibe_lemba
KAMBUZI,,,,zosawerengeka
```

Kulemera kwa usipa kwasiyidwa dala, chifukwa ndowa zimasiyana kukula ndipo usipa wauwisi sulemera chimodzimodzi ndi wouma pa thandala. Nambala yosinthira ndowa kukhala makilogalamu iyezedwe pa sikelo, isungidwe m'katebulo kake, ndipo kompyuta ichulukitse pambuyo pake, kotero kuti nambalayo ikadzapezeka yolakwika idzakonzedwe pamalo amodzi m'malo mobwereza mafomu onse. Utaka walembedwa m'makilogalamu pokhapokha ngati mutu wa dangalo pa fomuyo ukunena choncho, ndipo kamzere ka pa mcheni kasanduka ziro pokhapokha alembi a doko limenelo atatsimikiza kuti ndimo amatanthauzira.

Gawo la `mkhalidwe` limateteza kusiyana kwa zinthu zitatu zimene pa kompyuta zimaoneka zofanana: nsomba sizinaphedwe, mlembi sanalembe, kapena zolembedwa sizikuwerengeka. Kuzisakaniza kumapotoza masamu moonekeratu. Zilimira 10 zikapita panyanja, 8 nkubwera ndi makilogalamu 400 onse pamodzi, ziwiri nkubwera chimanjamanja, chilimira chilichonse chapha makilogalamu 40 pogawa mofanana. Koma ziro wa ziwirizo akatengedwa ngati danga losadzazidwa nkuchotsedwa, yankho limakwera kufika 50, ndipo nyanja imaoneka ngati ili ndi nsomba zambiri kuposa mmene zilili. Kudera kumene chambo cha ku Malombe chinachepa kwambiri pofika m'zaka za m'ma 1990, ulendo wopanda nsomba ndi umboni wofunika kusungidwa mosamala ngati wa boti lodzaza.

Tsiku lilembedwe motsatira muyezo wa ISO 8601, kuyamba chaka, kenako mwezi, kumalizira tsiku, kotero kuti 03/04/19 ya mlembi wa ku Malawi, yotanthauza pa 3 Epulo, ikhale `2019-04-03`. Pulogalamu ya Excel ikakhala pa kompyuta yotcheredwa mwa Chimereka imawerenga tsiku lomwelo ngati 4 Malichi popanda kuchenjeza, ndipo masiku onga 13/04/19 imawasiya ngati mawu wamba. Chizindikiro cha vutoli ndi kuona masiku ena atatsamira kumanja kwa gawo, ena kumanzere. Pulogalamu yomweyo imameza maziro a kumayambiriro, kodi ya doko `007` nkusanduka 7, choncho magawo onse a kodi akhale a mtundu wa mawu, osati wa nambala, ngakhale mutakhala manambala okhaokha.

Zonsezi zilembedwe pa tsamba limodzi kapena awiri otchedwa mtanthauziri wa deta, osonyeza pa gawo lililonse dzina, tanthauzo, mtundu, muyeso, zololedwa kulowamo ndi malo ake pa fomu. Kenako anthu awiri atole deta ya mafomu 30 aja aliyense payekha, osafunsana, ndipo mafailo awo ayerekezedwe. Kusiyana kwa apa ndi apo ndi kuphonya kwa zala, koma kukachuluka pa gawo limodzi ndiye kuti tanthauzo lake silikumveka, monga pamene mmodzi wawerengera mwini chida pa `alovi_nambala` koma mnzake sanamuwerengere. Tanthauzolo likonzedwe, mafomu omwewo ayesedwenso, ndipo anthu awiriwo akagwirizana, mtanthauziri apatsidwe nambala ndi tsiku, nkutsekedwa. Kusintha kulikonse kwa m'tsogolo kukhale ndi nambala yatsopano ndipo kudutse kwa munthu mmodzi, ndipo mafomu otsalawo asayambidwe kutoledwa mtanthauziri wotsekedwayo asanafike m'manja mwa wotaipa aliyense.