Ndalama zomwe eBay inkalipirira makasitomala ake omwe

M'mwezi wa Marichi 2012, kampani ya eBay ya ku America inasiya kulipira malonda amtundu umodzi pa makina ofufuzira a Yahoo ndi Microsoft. Malondawa ndi aja ankatuluka munthu akalemba dzina la kampaniyo, monga eBay kapena eBay shoes. Pa Google anapitiriza kulipira kuti akhale ndi poyerekezera. Malipoti a kampaniyo ankaonetsa kuti anthu ochuluka amalowa pa tsamba lawo podina malonda amenewa, kotero aliyense akanayembekezera kuti alendo atsika kwambiri. Sanatsike. Akatswiri a zachuma atatu, Thomas Blake, Chris Nosko ndi Steven Tadelis, anapeza kuti pafupifupi 99.5 peresenti ya alendowo anafikabe. Anangodina linki yaulere ya eBay yomwe inali pamunsi pomwepo.

Ngati mukulemba ntchito ya kusukulu yoyerekeza SEO ndi malonda olipira, nkhaniyi ikukhudzani, chifukwa msampha womwe unakola kampani yaikulu chotere ndi womwewo umakola ophunzira. Koma tiyambe taona kaye zomwe zimachitika munthu akafufuza.

Tsamba la zotsatira pa Google limakhala ndi zinthu ziwiri zofanana maonekedwe koma zochokera kosiyana. Zina, zomwe kawirikawiri zimakhala pamwamba, zimalembedwa kuti Sponsored. Izi zimadzera mu Google Ads, yomwe inayamba mu 2000 ndi dzina loti AdWords. Wamalonda amasankha mawu omwe akufuna kuti malonda ake azitulukirapo, n'kutchula ndalama yaikulu yomwe angalipire munthu mmodzi akadina. Nthawi iliyonse wina akafufuza mawuwo, pamachitika okishoni mwakanthawi kochepa zedi. Wopambana si wa ndalama zambiri basi, pakuti Google imayang'ananso ngati malondawo akugwirizana ndi zomwe munthu wafunsa, komanso ngati tsamba lomwe akatsikirepo ndi lothandiza. Alendo amayamba kubwera tsiku lomwelo, ndipo mukangosiya kulipira, malondawo amazimiririka.

Zotsatira zinazo sizigulidwa. Makina a Google amayendera masamba, kuwawerenga, kuwasunga, kenako n'kuwasanja malinga ndi momwe akuyankhira funso la munthu. SEO ndi ntchito yokonza tsamba kuti likwere pa mndandanda umenewu: kulemba nkhani yoyankhadi zomwe anthu amafunsa, kuika mutu womveka, kuonetsetsa kuti tsamba likutseguka msanga pa foni, ndi kupeza malinki ochokera ku masamba ena odalirika. Munthu akadina simulipira kalikonse, koma ntchitoyo imadya nthawi ndi malipiro a olemba ndi okonza, ndipo zipatso zake zimatenga miyezi. Kulipira malonda sikukweza tsamba pa mndandanda waulerewu.

Ophunzira ambiri amafika apa n'kujambula tebulo: uku n'kofulumira koma kodula, uko n'kochedwa koma kokhalitsa. Tebulolo silinama, koma limabisa chinthu chachikulu. Njira ziwirizi zimakumana pa tsamba limodzi, pamaso pa munthu mmodzi, ndipo ina ikhoza kulanda mlendo wa inzake. Munthu wolemba eBay anali atasankha kale kupita ku eBay. Malondawo sanamukope, anangomuimira panjira. Zili ngati kulipira woitanira minibasi chifukwa cha munthu yemwe anali ataponda kale phazi pakhomo la minibasiyo.

Taonani momwe masamu amanamizira, pa chitsanzo chongoyerekeza. Sitolo yalipira madola 500 ndipo anthu 1,000 adina malonda ake. Mwa iwo, 40 agula, ndipo aliyense wasiya phindu la madola 30. Lipoti lionetsa madola 1,200 olowa pa madola 500 otuluka, phindu la madola 700. Koma tinene kuti 36 mwa ogulawo akanafikabe kudzera pa linki yaulere. Ndiye kuti malondawo abweretsa ogula anayi okha, kutanthauza madola 120, ndipo sitoloyo yataya madola 380. Lipotilo silinalakwitse kuwerengera. Limawerenga anthu omwe anadina n'kugula, koma silingaone zomwe anthuwo akanachita malondawo pakanapanda.

Akatswiri aja sanalekere pa dzina la kampani. Anayesanso mawu wamba, otchula katundu osatchula eBay. Anazimitsa malonda oterewa pa Google m'madera ena a ku America, pafupifupi 30 peresenti, kwa masiku 60, n'kuyerekeza zogulidwa kumeneko ndi za m'madera omwe malonda ankapitirira. Kusiyana kunali kochepa kwambiri. Malondawo ankagwira ntchito pa anthu atsopano ndi omwe sankagula kawirikawiri, koma ndalama zambiri zinkathera pa makasitomala okhazikika, omwe akanagulabe. Ataphatikiza zonse, phindu linali lochepera ndalama zomwe analipira. Kafukufukuyu anasindikizidwa mu 2015 m'magazini ya akatswiri a zachuma ya Econometrica.

Apa pali dzenje lachiwiri, ndipo limandidetsa nkhawa kuposa loyamba, chifukwa limagwetsa wophunzira amene wawerengako. Iye amamva nkhani ya eBay n'kulemba kuti malonda olipira ndi kutaya ndalama. Kafukufukuyu sananene zimenezo. eBay inali dzina lodziwika ku America konse, ndipo masamba ake ankatuluka kale pamwamba popanda kulipira. Sitolo yatsopano yomwe tsamba lake lili pa nambala 40 ilibe linki yaulere yomwe munthu angaione. Ikazimitsa malonda, mlendoyo amapita kwa wina. Ngakhale pa dzina lanu lenilenilo, opikisana nanu akhoza kulipira kuti malonda awo azituluka pamwamba panu munthu akalemba dzinalo, ndipo zikatero kulipirira dzina lanu kumakhala kudziteteza. Choncho phindu la malonda olipira limadalira pomwe SEO yakufikitsani pa mawu omwewo.

Mu ntchito yanu, sankhani bizinesi imodzi ndipo mawu ake ofufuzira muwagawe pawiri: okhala ndi dzina la bizinesiyo ndi opanda dzinalo. Osawasakaniza powerengera phindu, chifukwa a dzina amaoneka okoma nthawi zonse ndipo amabisa kufooka kwa enawo. Mu Google Ads, lipoti la Search terms limaonetsa mawu enieni omwe anthu analemba asanadine, ndipo Auction insights imaonetsa amalonda ena omwe akupikisana nanu pa mawu omwewo. Mu Google Search Console mumaona malo omwe tsamba limatulukira mosalipira ndi chiwerengero cha odina. Mawu omwe mukulipirira pomwe muli kale pa nambala 1, popanda wopikisana, ndi oyamba kuwakayikira.

Kukayikira kokha sikukwanira, pamafunika kuyesa. Zimitsani malonda a mawuwo m'dera limodzi, muwasiye m'dera lina lofanana nalo, kwa milungu ingapo yomwe mulibe Khirisimasi kapena kutsitsa mitengo. Kenako muwerenge ogula onse, olowera pa malonda ndi olowera pa linki yaulere pamodzi. Odina malonda akatsika kufika pa ziro, odina linki yaulere n'kukwera ndi chiwerengero chomwecho, ogula osasintha, ndiye kuti mumalipirira anthu anu omwe. Ogula onse akatsika m'dera lozimitsidwalo lokha, chiwerengero cha otsikawo ndicho muchulukitse ndi phindu la wogula mmodzi, n'kuchiyerekeza ndi ndalama zomwe malondawo amadya.