Foni ikati malo adzaza, vuto si RAM

Foni ikalemba kuti Storage space running out, ambiri timati "memori yadzaza". Mawu amodziwa amabisa zinthu ziwiri zosiyana, ndipo kuzisokoneza kumadyetsa anthu ndalama kapena kuwafufutitsa zithunzi za zikalata zawo. Ndinakonzapo mafoni ku Rustenburg, ku Joni, kumene kuli migodi ya pulatinamu. Amalawi ambiri a ku Marikana ndi ku Boitekong ankabwera ndi dandaulo lomweli.

Pa bokosi la foni pamalembedwa manambala awiri, mwachitsanzo 2GB+32GB. Yaing'onoyo ndi RAM, yaikuluyo ndi malo osungira, amene pa foni amalembedwa kuti Storage. Malo osungira ali ngati nkhokwe: zithunzi, mavidiyo, nyimbo ndi mapulogalamu zimakhala mmenemo ngakhale foni itazima mwezi wathunthu. RAM ili ngati lichero: foni imatapa m'nkhokwe zokhazo zimene ikugwiritsa ntchito panthawiyo. Ikazima, lichero limakhuthulidwa, koma nkhokwe imatsala mmene inalili. Ngakhale chimene timachitcha memori khadi ndi nkhokwe yowonjezera chabe, sichikulitsa RAM.

Kuyesa kwake n'kosavuta. Zimitsani foni, muiyatsenso. Uthenga uja ukabweranso, yadzaza ndi nkhokwe. Kuchepa kwa RAM kumaoneka mwina: mukachoka pa WhatsApp kupita pa Facebook n'kubwerera, pulogalamu imayambiranso poyamba chifukwa foni inaitseka kuti ipeze mpata. N'chifukwa chake mabatani olembedwa Boost sathandiza pa vuto la malo. Amangotseka mapulogalamu, ndiye kuti mwapeta lichero pamene chadzaza ndi nkhokwe.

Bambo wina wogwira ntchito zamaganyu pafupi ndi migodi anabwera ndi foni ya 2GB+32GB imene inkakana kujambula ndi kutsitsa mauthenga a mawu ochokera kumudzi. Anali atauzidwa kuti agule ya RAM yaikulu. Tinatsegula Settings, kenako Storage. Dongosolo loyendetsa foniyo linali litatenga pafupifupi 11GB, ndipo gawo limenelo silifufutika. Mapulogalamu anali 6GB, zithunzi zake 2.5GB, pamene za pa WhatsApp zinali 12GB. Zonse pamodzi 31.5GB, kotsala theka la GB basi. Akanagula foni ya 4GB+32GB n'kusamutsiramo zonsezi, ikanadzazanso tsiku lomwelo.

Tinalowa mu WhatsApp, pa Settings, Storage and data, kenako Manage storage. Pamenepo pamaoneka mafayilo oposa 5 MB, otumizidwa kambirimbiri, komanso gulu lililonse ndi malo amene likudya. Magulu awiri, lampira ndi la anthu akumudzi kwawo, anali ndi mavidiyo okwana 9GB. Titawafufuta, malo otsala anafika 9.5GB ndipo kamera inayambanso kujambula. RAM inali 2GB yomwe ija. Pomaliza, pa Media auto-download tinachotsa chizindikiro pa mavidiyo kuti asamadzitsitse okha.

Pali misampha iwiri. Woyamba: mukafufuta zithunzi mu Gallery, mafoni ambiri amazisunga kaye mu Trash kapena Recycle bin, ndipo a Samsung amazisunga masiku 30. Malo sabwerera mpaka mutakhuthulanso mmenemo. Wachiwiri ndi woopsa kwambiri. Pa pulogalamu iliyonse pali Clear cache ndi Clear data, pena pamalembedwa Clear storage. Loyambalo limachotsa zinyalala zakanthawi, mulibe vuto. Lachiwirilo limabweza pulogalamu ngati yatsopano. Mukalidina pa WhatsApp, idzafuna kutumiza nambala yachinsinsi ku nambala imene munalembetsera. Ngati simu khadi imeneyo inatsala kudziko lina kapena inatsekedwa, mukhoza kulephera kulowanso. Chimodzimodzi Factory reset: musalole wokonza mafoni kuichita musanasamutse zinthu zanu.

Musanafufute kalikonse, yambani mwateteza zimene simungazipezenso, monga zithunzi za zitupa zanu, makalata a kuchipatala ndi masatifiketi a ana. Zikopereni pa memori khadi kapena zitumizeni ku imelo yanu, kenako muzitsegule komweko kuti mutsimikize kuti zafikadi.

Abale a ku Joni akamafunsa foni yoti akutumizireni, muwauze manambala onse awiri. Ngati vuto lanu ndi kudzaza, yang'anani yaikuluyo, 64GB kapena kuposerapo, ndiponso ngati foniyo ili ndi polowetsa memori khadi. Ngati mapulogalamu amangodzitsekera, yang'anani yaing'onoyo, chifukwa RAM ya mu foni simasinthidwa ikagulidwa. Pa imene muli nayoyo, muzisiya 2GB kapena 3GB yopanda kanthu kuti mauthenga ndi zithunzi zatsopano zizipeza polowa.