Kuyesa Mtsinje ndi Njira pa Tsiku la Ulendo wa Ana Asukulu

Mphunzitsi akamakonza ulendo wokaphunzira kunja kwa kalasi, amalemba kalata kwa makolo, amapempha chilolezo kwa mphunzitsi wamkulu, ndipo ngati ali wosamala amakayendera malowo sabata imodzi tsikulo lisanafike. Zonsezi nzoyenera. Koma mtsinje umene anauona Loweruka lapitalo si umene adzaupeze Lachisanu m'mamawa, ndipo chilolezo cha mphunzitsi wamkulu sichiphwetsa madzi. Chigamulo chenicheni chimapangidwa pa dooko, tsiku lomwelo, ana ali chiimire kumbuyo kwanu.

Titenge chitsanzo cha ulendo umene sukulu zambiri za kummwera zimaukonda, wopita m'tsinde mwa phiri la Mulanje kukaona mtsinje wa Likhubula ndi Dziwe la Nkhalamba. Mitsinje ya m'phirili ndi yaifupi ndi yotsetsereka, ndipo mbali yaikulu ya kumtunda kwake ndi mwala wosamwa madzi. Mvula ikagwa pamwamba, madzi ake sachedwa kufika kumunsi, ngakhale pamene mwaimapo dzuwa likuwala. Nchifukwa chake mphunzitsi asanayang'ane madzi, ayambe wakweza maso. Ngati nsonga za phiri zabisika mu mtambo wakuda, kapena kukumveka mabingu kumtunda, adziwe kuti madzi amene akuwaona si onse amene akubwera. Afunsenso anthu a pamudzi ndi olondolera alendo m'phirimo ngati usiku kunagwa mvula. Iwo amaudziwa mtsinjewo kuposa munthu wobwera ndi dipuloma yake.

Mukafika pa dooko, khazikani ana patali ndi gombe, ndipo inu muyang'ane maonekedwe a madzi. Mtsinje wa m'phiri umene nthawi zonse uli mbee, ukasanduka wofiirira, nutenga masamba, timitengo ndi thovu, ndiye kuti wayamba kudzala. Tcheraninso khutu. Mukamva kugunda kwa miyala ikugubuduzika pansi, musavutike nkuyesa china chilichonse, pakuti madzi okankha mwala sangalephere mwendo wa mwana. Ngati zizindikiro izi palibe, zikani kamtengo m'mphepete penipeni pamene madzi alekezera, ndipo mukaonenso pakapita mphindi 10. Mukapeza kuti madzi akwera pa kamtengoko, ngakhale ndi chala chimodzi, ulendo wa tsidya lija watha.

Pamene mukudikira mphindizo, yesani kuya ndi liwiro. Kuya muyese ndi ndodo pamalo ozama kwambiri a njira imene anawo adzadutse, osati m'mbali. Liwiro muyese motere: pimani mamita 10 m'mbali mwa mtsinje, ponyani kamtengo pakati pa madzi, ndipo werengani masekondi amene katenge kuti kamalize mtundawo. Mukagawa mamita ndi masekondi mwapeza liwiro. Kuopsa kwa madzi kumachokera pa zinthu ziwirizi pamodzi, choncho chulukitsani kuya, m'mamita, ndi liwirolo. Akatswiri a za madzi osefukira amatenga 0.4 ngati malire a ana, ndipo amatinso madzi opitirira theka la mita sayenera mwana ngakhale atakhala odekha. Malire amenewa amaganizira pansi pabwino popondapo. Pa miyala ya ndere muyenera kulekera patali ndithu musanawafike.

Ndifotokoze zimene zinandichitikira ndikuphunzitsa Sitandade 6 pa sukulu ina, ndisanabwere ku koleji. Munali mu Febuluwale, ndipo ndinatenga ana 38 kukaphunzira za kukokoloka kwa nthaka tsidya lina la kamtsinje kotsika m'phiri. Madzi anandifika m'munsi mwa bondo, ndipo ndodo inaonetsa masentimita 40. Kwa ine anali madzi osewera nawo. Kamtengo kanayenda mamita 10 m'masekondi 8, ndiye kuti mita 1.25 pa sekondi. Kuchulukitsa 0.4 ndi 1.25 kunandipatsa 0.5, kupitirira malire. Kenaka ndinaitana mtsikana wamfupi kwambiri m'kalasimo ndi kuimika ndodo ija pambali pake, ndipo chinyontho cha pandodo chinafika pamwamba pa bondo lake. Apa ndi pamene aphunzitsi ambiri timalakwa: timayesa mtsinje ndi miyendo yathu. Woyesera ayenera kukhala mwana wamng'ono, wopepuka ndi wamantha kuposa onse, chifukwa iyenso ayenera kuoloka.

Anawo anang'ung'udza, ndipo mnyamata wina wamtali anati, “Aphunzitsi, ife timaoloka pano masiku onse.” Sananame. Koma mnyamata mmodzi wodziwa popondapo ndi wosiyana ndi mzere wa ana 38 okankhana, ena atanyamula makope, ena atavala nsapato zoterera. Tinaphunzira za kukokoloka kwa nthaka tsidya lomwelo, pa chigwembe chimene chinali pafupi. Sindinganene kuti tikanaoloka wina akanatengedwa. Chimene ndinaona nchakuti pamene tinkachoka, nthawi itangopitirira 1 koloko, kamtengo kanga kanali katamira.

Mfundo imeneyi ndiyo imaiwalika kawirikawiri: mtsinje umene mwaoloka popita mudzauolokanso pobwerera. M'nyengo ya dzinja, kuyambira Novembala mpaka Epulo, mvula ya mabingu imakonda kugwa masana ndi madzulo. Motero funso la pa dooko likhale lakuti, kodi madziwa adzakhala otani pa 3 koloko, ana atatopa? Ngati tsidya lija kulibe mlatho kapena njira ina yobwererera, ndipo kumwamba sikukudalirika, musaoloke ngakhale masamu anu atalola. Ikani nthawi yobwerera musananyamuke, muiuze ana ndi mnzanu woperekeza, ndipo ikakwana tembenukani ngakhale mathithi akumveka pafupi.

Za njira sindinena zambiri, chifukwa imayesedwa ndi phazi. Pondani pa katondo wonyowa pamalo otsetsereka ndi kukankha pang'ono. Nsapato ikaterera, kumbukirani kuti kutsika nkovuta kuposa kukwera, ndiponso kuti mwana wa kumapeto kwa mzere adzaponda pamene anzake onse apondaponda kale. Matanthwe onyowa a pafupi ndi mathithi ndi oopsa koposa, makamaka pamene m'munsi mwake muli dziwe lakuya. Madzi a m'maiwe a m'phiri ndi ozizira kwambiri, ndipo mwana wogweramo mwadzidzidzi amabanika ngakhale akhale wodziwa kusambira. M'miyezi yozizira, nkhungu ndi mvula yowaza ya chiperoni zimatha kubisa njira m'kanthawi kochepa. Ngati muli kutsogolo ndipo simungathe kuona mwana womaliza pamzere, imani, asonkhanitseni, muwawerenge, ndipo mubwerere.

Pali chizindikiro china chimene chimafuna kuti musangobwerera chabe koma muchoke m'khwawa msanga. Mvumbi ukagwa masiku angapo, nthaka ya m'mapiri imakhuta madzi ndipo imatha kugumuka, monga zinachitikira ku Zomba mu 1946, ku Phalombe mu 1991, ndi m'maboma a kummwera pa nthawi ya namondwe wa Freddy mu 2023. Makolo amati wadutsa napolo. Mukaona ming'alu yatsopano panjira, mitengo itapendekeka, kapena mtsinje utaphwa mwadzidzidzi mvula ikugwabe, dziwani kuti mwina dothi latseka madzi kumtunda ndipo lingaphulike nthawi iliyonse. Atsogolereni ana kukwera m'mbali mwa chigwa, osati kuthawa motsata mtsinje.

Pa ulendo wanu woyamba wa nthawi yoyeserera kuphunzitsa, tengani ndodo yolembedwa masentimita, wotchi ndi chingwe cha mamita 10. Lolani ana awiri awerenge masekondi, wina alembe, ndipo kalasi lonse lichulukitse, ana onse ali pamtunda. Yankho likatuluka m'makope mwawo, kung'ung'udza kumachepa.